PHUNZIRO: NTCHITO YA KUNO KAPENA YA KU JONI? TIYENI TIWERENGE MASAMU

Owerenga athu, tsopano mumadziwa kuwerenga ndi kulemba. Mumadziwanso kuphatikiza ndi kuchotsa. Lero tigwiritsa ntchito masamu amenewa pa nkhani yokhudza mabanja ambiri. Tengani pensulo ndi pepala, chifukwa tiwerengera limodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Pali bambo wina amene amagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo ina ku Lilongwe. Ali ndi mkazi ndi ana atatu. Malipiro ake ndi K250,000 pamwezi. Tsiku lina mlamu wake wa ku Joni anamuimbira foni, nati, "Alamu, mukuvutikiranji kumeneko? Bwerani kuno. Ntchito ilipo, mudzilandira R5,600 pamwezi."

Bambo uja anachita masamu a m'mutu. Anati randi imodzi kubanki ndi pafupifupi K100. Ndiye kuti R5,600 ndi K560,000. Mtima unadumpha. Anauza mkazi wake kuti, "Mayi, ku Joni ndikalandira ndalama zoposa kawiri zimene ndilandira kuno."

Mayi aja anafunsa funso limodzi lokha. Anati, "Bambo, pa ndalama zimenezo, zodzafika m'nyumba muno ndi zingati?"

Funso la mayiwa ndilo phunziro lathu. Munthu sadya malipiro olembedwa papepala. Banja limadya ndalama zimene zatsala, zonse zofunika kuchotsa zitachotsedwa. Choncho tisayerekeze malipiro ndi malipiro. Tiyerekeze zotsala ndi zotsala.

Tigwiritsa ntchito malamulo a msonkho ndi malipiro a chaka cha 2025. Malamulo otere amasintha chaka ndi chaka, choncho inu pochita masamu anu mufunse za chaka chimene muli. Mitengo ya lendi, chakudya ndi basi ndi yachitsanzo chabe. Inu mudzaikapo mitengo imene mwaipeza nokha.

GAWO LOYAMBA: MALIPIRO A KUNO

Tiyambe ndi K250,000 ya ku Lilongwe. Ndalama imeneyi siifika yonse m'thumba. Asanalandire, abwana amachotsako zinthu ziwiri.

Choyamba ndi msonkho wa boma. Papepala la malipiro msonkhowu umalembedwa kuti PAYE. M'chaka cha 2025, K150,000 yoyamba ya malipiro a pamwezi inalibe msonkho. Ndalama zopitirira pamenepo, mpaka K500,000, boma linkatengako K25 pa K100 iliyonse. Bambo wathu anapitirira ndi K100,000. Choncho msonkho wake unali K25,000.

Onani bwino apa. Anthu ambiri amaganiza kuti msonkho umadula malipiro onse. Ayi. Umadula gawo lapamwamba lokha.

Chachiwiri ndi penshoni. Lamulo la penshoni ku Malawi likuti wantchito azisonkha K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake. Pa K250,000, imeneyo ndi K12,500.

Tiyeni tichotse:

Malipiro onse: K250,000
Msonkho: K25,000
Penshoni: K12,500
Zofika m'thumba: K212,500

Sitinathe. Bamboyu amawononganso ndalama pa iye mwini. Amakwera minibasi kupita kuntchito ndi kubwerako. Tinene kuti ndi K2,000 patsiku, masiku 22 pamwezi. Imeneyo ndi K44,000. Chakudya chimene amadya iye yekha, kunyumba ndi kuntchito, tichiike pa K50,000. Mayunitsi a foni ndi K8,500. Sopo, zovala ndi mankhwala ake ndi K10,000. Zonse pamodzi ndi K112,500.

Zofika m'thumba: K212,500
Zowononga pa iye yekha: K112,500
Zotsalira mayi ndi ana: K100,000

Mwina mukufunsa kuti, nanga lendi ya nyumba ya ku Lilongwe bwanji sitinaichotse? Chifukwa chake ndi ichi. Bambo akapita ku Joni, mayi ndi ana adzakhalabe m'nyumba yomweyo. Lendiyo idzalipidwa ndithu, kaya bambo alipo kapena palibe. Choncho lendi ya banja, fizi ya ana ndi chakudya chawo zituluka mu K100,000 yotsalayo. Lembani nambala imeneyi pakona pa pepala lanu, muizinge. Tibwereranso kwa iyo.

GAWO LACHIWIRI: MALIPIRO A KU JONI

Tsopano tione R5,600. Pano pali lamulo lofunika kwambiri. Musathamangire kusintha marandi kukhala makwacha. Munthu wokhala ku Joni amalipira lendi m'marandi, amagula ufa m'marandi, amakwera galimoto m'marandi. Choncho tichotse zonse m'marandi momwemo. Tidzasintha zotsala zokha, pomalizira.

Kodi R5,600 ndi malipiro aakulu kumeneko? Ayi. Boma la South Africa linakhazikitsa malipiro ochepetsetsa amene wantchito ayenera kulandira. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipirowo anali R28.79 pa ola limodzi. Munthu akagwira maola 45 pasabata, amapeza pafupifupi R5,600 pamwezi. Ndiye kuti ntchito imene mlamu akunena ndi ya malipiro apansi penipeni m'dzikolo. Ndalama zimene kuno zikuoneka zambiri, kumeneko ndi za munthu wosauka.

Nanga msonkho? M'chaka chimenecho, munthu wosafika zaka 65 ankayamba kudulidwa msonkho akapitirira R95,750 pachaka. Imeneyo ndi pafupifupi R8,000 pamwezi. Bambo wathu safika pamenepo, choncho sadulidwa msonkho wa malipiro. Apa ku Joni kwapambana.

Koma pali kandalama kena kamene amadula. Papepala la malipiro kamalembedwa kuti UIF. Ndi thumba lothandiza munthu ntchito ikamuthera. Wantchito amasonkha R1 pa R100 iliyonse. Pa R5,600, imeneyo ndi R56. Zofika m'thumba ndi R5,544.

Tsopano bamboyu ayenera kukhala ndi pogona. Kuno amagona m'nyumba imodzi ndi banja lake. Uko afunika chipinda chakechake. Kuno amadya mumphika umodzi ndi ana. Uko aziphika yekha. Banja limodzi lasanduka makomo awiri, lendi ziwiri ndi miphika iwiri.

Tiike mitengo yachitsanzo:

Lendi ya chipinda: R1,500
Magetsi ndi madzi: R300
Chakudya: R1,500
Minibasi, R40 patsiku, masiku 22: R880
Foni: R200
Sopo, zovala ndi mankhwala: R300
Zonse pamodzi: R4,680

Musaiwale zovala. Ku Joni kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuposa kuno kwathu. Munthu afunika jekete lochindikala ndi mabulangete. Magetsi nawonso amapita ambiri nthawi imeneyo.

Tiyeni tichotse. R5,544 kuchotsa R4,680, kwatsala R864.

GAWO LACHITATU: ULENDO WOBWERA KUMUDZI

Munthu wa pabanja sangakhale zaka osaona ana ake. Ulendo wa ku Joni ndi wautali. Basi yochokera ku Blantyre imatulukira pachipata cha Mwanza. Imadutsa ku Tete m'dziko la Mozambique, nkulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Ikadutsa ku Harare, imakalowa m'South Africa pa Beitbridge. Munthu amagona m'njira, ndipo amadya chakudya chogula.

Tinene kuti bambo wathu azibwera kamodzi pachaka. Tikiti yobwera ndi kubwerera, chakudya cha m'njira ndi malipiro a katundu, zonse tiziike pa R3,600. Ndalama imeneyi siituluka mwezi uliwonse, nchifukwa chake anthu amaiiwala. Koma iyenera kusungidwa pang'onopang'ono. Tigawe R3,600 ndi miyezi 12. Tipeza R300 pamwezi.

R864 kuchotsa R300, kwatsala R564.

Apa sitinawerengere mphatso. Munthu wochokera ku Joni safika chimanjamanja. Amayi ake akuyembekeza chitenje, apongozi bulangete, ana nsapato. Sitinawerengerenso ulendo wadzidzidzi wa maliro kapena matenda. Ulendo umodzi wotere ungadye zosunga za chaka chonse.

GAWO LACHINAYI: KUTUMIZA NDALAMA

Ndalama siziuluka zokha kuchoka ku Joni kufika ku Lilongwe. Wozitumiza amadyapo. Amadyapo m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yoonekera. Ndi ndalama imene amalipiritsa potumiza. Tinene kuti pa R564, zolipira potumiza ndi R64. Zopita kumudzi ndi R500.

Njira yachiwiri ndi yobisika. Ndi mtengo umene amasinthira randi kukhala kwacha. Wina angakuuzeni kuti salipiritsa kanthu, koma nkumasintha pa mtengo wotsika. Wina angalipiritse zambiri, koma nkusintha pa mtengo wabwino. Kuti musasokonezeke, funsani onse funso limodzi lomwelo: "Ndikakupatsani R1,000 m'manja, kumudzi alandira makwacha angati m'manja?" Amene watchula makwacha ambiri, ndiye wotsika mtengo.

Tsopano yafika nthawi yosintha. M'chaka cha 2025, randi imodzi kubanki inali pafupifupi K100. Choncho R500 ndi K50,000.

Yang'anani nambala ija munaizinga pakona. Bambo ali ku Lilongwe, mayi ndi ana amatsala ndi K100,000. Bambo ali ku Joni, alandira K50,000. K560,000 ija yasungunuka, yatsala K50,000.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, koma anthu ambiri sasintha kubanki." Nzoona. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, m'chaka chimenecho osintha pamsewu ankapereka makwacha ochuluka, kawiri kapena kuposa apo. Tiyeni tiyese pa K200. R500 ikhala K100,000. Mwaona? Angofanana ndi zimene banja limapeza kale, koma bambo ali kutali.

Dziwaninso kuti kusintha ndalama kwa munthu wopanda chilolezo ndi kulakwira lamulo. Ndipo mukatumiza kudzera mwa munthu wamba, mulibe lisiti. Akathawa nazo, mulibe kokadandaula.

Mtengo wa kwacha nawonso sukhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100. Zikatere, randi imabweretsa makwacha ochuluka, ndipo wolandira ndalama za ku Joni amasangalala. Koma posakhalitsa sopo, mafuta ndi feteleza zimakwera mtengo. Choncho njira yabwino yoyezera ndi chimanga. Funsani mtengo wa thumba la makilogalamu 50 pamsika wanu. Kenaka onani kuti zotsala za kuno zigula matumba angati, ndipo za ku Joni zigula angati. Ana amadya nsima, sadya manambala.

GAWO LACHISANU: ZINTHU ZIKASINTHA

Kodi ndiye kuti kupita ku Joni nkutaya nthawi zonse? Ayi. Tikanena choncho tinama. Tonse tikudziwa anthu amene amanga nyumba zamalata ndi ndalama za kumeneko. Tiyeni tione chimene chimasiyanitsa.

Tinene kuti mlamu uja wavomera kugona chipinda chimodzi ndi bambo wathu. Agawana lendi. Aliyense alipira R750. Bambo wathu wapulumutsa R750. Tinenenso kuti chipindacho chili pafupi ndi ntchito, ndipo ayenda pansi. Wapulumutsanso R880 ya minibasi. Zopulumuka zonse ndi R1,630.

Zotsala zija: R564
Zopulumuka: R1,630
Zotsala tsopano: R2,194

Tinene kuti zolipira potumiza ndi R194. Zopita kumudzi ndi R2,000. Pa mtengo wa kubanki, imeneyo ndi K200,000. Tsopano banja likulandira kawiri zimene linkapeza bambo ali ku Lilongwe.

Onani chodabwitsa. Malipiro sanasinthe. Akadali R5,600. Chasintha ndi pogona ndi mayendedwe. Zinthu ziwiri zokha zasandutsa K50,000 kukhala K200,000. Nchifukwa chake munthu asafunse za malipiro okha. Afunse kuti akagona kuti, alipira zingati, ndipo kuntchito ayenda bwanji.

Tsopano tione mbali yoipa. Ntchito zambiri zimene anthu athu amapeza kumeneko ndi maganyu: kusamalira maluwa, kuthandiza amisiri, kutsuka magalimoto, kugwira m'nyumba. Ganyu amalipira patsiku. Tsiku limene sunaitanidwe, palibe malipiro. Tinene kuti bambo wathu akuitanidwa masiku 3 pasabata m'malo mwa 5. Malipiro ake atsika kufika pa R3,360. Ngati akukhala yekha, lendi, magetsi ndi chakudya zokha ndi R3,300. Kwatsala R60. Yokwerera minibasi palibe. Yotumiza kumudzi palibe. Koma mwini chipinda afuna lendi yake yathunthu, pakuti lendi siidziwa kuti ganyu wasowa.

Anthu ena akasiya kuimba foni kumudzi, abale amati awaiwala. Nthawi zina si kuiwala ayi. Ndi manyazi, chifukwa masamu awakanira.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: NDALAMA ZOYAMBIRA

Pali ndalama zina zimene zimatuluka munthu asanalandire ngakhale randi imodzi. Tiziwerengenso.

Pasipoti tiiike pa K50,000. Basi ndi chakudya cha m'njira, K250,000. Akafika, malipiro oyamba adzabwera mwezi ukatha, koma ayenera kudya ndi kugona. Tiikepo R3,000, imene ndi K300,000. Mwezi womwewo mayi ndi ana afunika K100,000 yawo ija. Zonse pamodzi ndi K700,000.

Ndalama imeneyi ichokera kuti? Ena amagulitsa mbuzi, njinga kapena munda. Ena amatenga katapila. Kulikonse kumene yachokera, iyenera kubwerera. Funso nlakuti, ibwerera patapita miyezi ingati?

Masamu ake ndi osavuta. Tenga ndalama zoyambira, ugawe ndi phindu la pamwezi. Phindu ndi kusiyana kwa zotsala za ku Joni ndi zotsala za kuno. Pamene zinthu zinayenda bwino, banja linalandira K200,000 m'malo mwa K100,000. Phindu ndi K100,000. Tigawe K700,000 ndi K100,000. Tipeza miyezi 7. Ndiye kuti kwa miyezi 7 bamboyu akungobweza zimene anawononga. Phindu lenileni liyamba mwezi wa 8.

Pamene banja linalandira K50,000, phindu panalibe. Ndalama zoyambira sizidzabwerera, ngakhale akhale zaka. Ndipo ngati anatenga katapila, ngongoleyo ikukula mwezi ndi mwezi, mwini ndalama akugogoda pakhomo pa mayi.

Pali chinanso chimene amasiya pochoka. Lamulo la penshoni likuti abwana nawonso aziika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro a wantchito. Kwa bambo wathu imeneyo ndi K25,000 pamwezi. Pamodzi ndi K12,500 yake ija, ndi K37,500 imene ikusungidwa m'dzina lake mwezi uliwonse. Saiona m'thumba, koma ndi yake. Akasiya ntchito, kusonkha kumeneku kwaima.

Ngati banja lili ndi munda, funsaninso kuti adzalima ndani. Bambo akachoka, mayi adzafuna aganyu opalira ndi kukolola. Ndalama za aganyuwo muzichotse pa zochokera ku Joni.

GAWO LACHISANU NDI CHIWIRI: ZA MAPEPALA

Masamu onse tachitawa akuyenda ngati munthu ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Pano tilankhule mosabisa.

Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa m'South Africa kukacheza masiku 30. Chidindo chimenecho nchokacheza, si chogwirira ntchito. Chilolezo cha ntchito ndi pepala lina. Munthu amachipempha asananyamuke, ali ndi kalata ya amene akumulemba ntchito. Pa ntchito wamba, monga ya bambo wathu, chilolezochi nchovuta kupeza.

Munthu akapitirira masiku ake, amaletsedwa kulowanso m'dzikolo. Akapitirira ndi masiku osaposa 30, chiletso ndi chaka chimodzi. Akapitirira kuposa apo, ndi zaka 5. Ogwidwa alibe mapepala amasungidwa kumalo otchedwa Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo. Wobwezedwa chotere kawirikawiri amasiya katundu wake ndi malipiro amene sanalandire.

Kusowa mapepala kumalowanso m'masamu. Bwana wosakhulupirika akadziwa kuti munthu alibe chilolezo, amamulipira zochepera pa lamulo, podziwa kuti aopa kukadandaula. Choncho ngati mapepala palibe, musawerengere R5,600. Nambalayo yaima pamchenga.

ZA MAKOLO ATHU

Ulendo wa ku Joni sunayambe lero. Agogo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi ambiri anafa. Boma linaimitsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977, nkudzatha mu 1988.

Moyo wa kumigodi unali wowawa ndi woopsa. Koma masamu ake anali osiyana ndi a lero. Kampani inkanyamula munthu, inkamupatsa pogona mukomboni ndi chakudya. Gawo lina la malipiro linkasungidwa, ndipo ankalilandira atabwerera kwawo. Nchifukwa chake ankafika ndi njinga, wailesi ndi ndalama m'manja. Wopita lero amalipira yekha basi, chipinda ndi chakudya, ndipo palibe womusungira. Tisawerengere ulendo wa lero ndi nkhani za agogo.

MAFUNSO OFUNSA MUSANANYAMUKE

Munthu akakuitanani kuntchito yakunja, mufunseni mafunso awa. Lembani mayankho ake papepala.

1. Kodi malipiro ndi a pamwezi kapena a patsiku? Ndidzagwira masiku angati pasabata?
2. Kodi nambala mwatchulayo ndi yofika m'thumba, kapena adzadulako?
3. Ndidzagona kuti, tidzakhala angati, ndipo ine ndidzalipira zingati?
4. Kuchoka pogona kufika kuntchito ndi ndalama zingati patsiku?
5. Kodi wolemba ntchito apereka kalata ndi kuthandiza za chilolezo?
6. Inuyo miyezi itatu yapitayi mwatumiza zingati kumudzi?

Funso lomalizali ndilo lolemera. Munthu angakokomeze malipiro ake, koma zimene watumiza mkazi wake akuzidziwa. Mayi a kunyumba angathe kukafunsa mnzawoyo mwaulemu. Mukaona kuti wokuitanani akuzemba mafunso, kapena akufuna kuti mumupatse ndalama kaye kuti akupezereni malo, chenjerani.

Bambo wathu uja anakhala pansi ndi mkazi wake, nalemba zonse. Kenaka anaimbira mlamu wake, nati, "Alamu, ndathokoza kuti mwandikumbukira. Koma tandiuzani za chipinda, za masiku ogwira ntchito ndi za mapepala. Zimenezi zikalongosoka, tikambirana." Sanakane, sanavomere. Anadikira manambala.

MAU OFUNIKA KUKUMBUKIRA

Malipiro onse: ndalama zimene abwana analonjeza, asanadulepo kanthu.
Zofika m'thumba: malipiro, msonkho ndi penshoni zitachotsedwa.
Zotsala: ndalama zofika kwa mayi ndi ana, wantchito atachotsa zonse zowononga pa iye yekha.
Ndalama zoyambira: zonse zotuluka malipiro oyamba asanabwere.

MAFUNSO

1. Nchifukwa chiyani sitinachotse lendi ya nyumba ya ku Lilongwe?
2. Nchifukwa chiyani tiyenera kuchotsa zonse m'marandi tisanasinthe kukhala makwacha?
3. Ndi zinthu ziwiri ziti zimene zinasandutsa K50,000 kukhala K200,000?
4. Mayi wina amalandira K200,000 pamwezi. Malinga ndi malamulo a 2025, msonkho wake ndi zingati? Penshoni yake ndi zingati? Zofika m'thumba ndi zingati?
5. Munthu wawononga K600,000 poyambira. Phindu lake ndi K50,000 pamwezi. Ndalama zake zibwerera patapita miyezi ingati?

NTCHITO YOCHITA

Tengani pepala, mulembe mzere pakati. Kumanzere lembani KUNO. Kumanja lembani KUNJA. Mbali iliyonse yambani ndi malipiro onse. Chotsani msonkho ndi zina zodulidwa. Chotsani pogona, chakudya ndi mayendedwe a wantchitoyo. Kumanja chotsaninso ulendo wa kumudzi ndi zolipira potumiza, kenaka musinthe zotsala kukhala makwacha. Mbali ya kumanja muichite kawiri: mwezi wabwino ndi mwezi woipa. Ngati simulandira malipiro a pamwezi, kumanzere lembani zimene mumapeza paulimi kapena pageni chaka chonse, mugawe ndi 12.

Mukamaliza, werengani pepalalo pamodzi ndi a kunyumba kwanu. Sabata yamawa mubwere nalo kukalasi, tidzaonere limodzi.